Njira Yogawa Momenti pa Mtanda wa Zigawo Ziwiri Zosalingana

Mtanda wopitirira ndi mtanda umodzi wosaduka umene wagona pa zochirikiza zitatu kapena kuposerapo. Amisiri omanga amangouti bimu, ndipo umapezeka pa nyumba zosanja, pa makonde aatali ndi pa milatho yokhala ndi chipilala pakati pa mtsinje. Mtanda wotere sugwira ntchito ngati mitanda iwiri yoyalidwa mondondozana. Popeza ndi thupi limodzi, katundu woikidwa pa chigawo chimodzi amamvekanso pa chigawo chinacho. Nsungwi yaitali yoikidwa pa njerwa zitatu imaonetsa zimenezi msanga: munthu akaikanikiza pakati pa njerwa yoyamba ndi yachiwiri, mbali imeneyo imalowa pansi, pamwamba pa njerwa yapakati nsungwi imapindika ngati chitunda, ndipo nsonga yakutali imanyamuka n'kusiya njerwa yake.

Mphamvu imene imapinda mtanda imatchedwa momenti. Imapezeka pochulukitsa mphamvu yokankha ndi mtunda wa pamene ikukankhirapo, choncho muyeso wake ndi makilonyutoni ochulukitsidwa ndi mamita, olembedwa kNm. Kilonyutoni imodzi, kN, ndi pafupifupi kulemera kwa matumba awiri a simenti a makilogalamu 50. Pakati pa chigawo, pamene mtanda walendewera, mbali ya m'munsi ndiyo imakokeka. Pamwamba pa chochirikiza chapakati zinthu zimatembenuka, mbali ya pamwamba ndiyo imakokeka. Konkire imapirira kwambiri ikamapanikizidwa koma imang'aluka msanga ikakokeka, n'chifukwa chake zitsulo zimaikidwa kumbali yokokekayo. Kuti injiniya adziwe kuti zitsulo zikhale pati ndiponso zichuluke bwanji, ayenera kudziwa kukula kwa momenti pamalo alionse a mtandawo.

Vuto limayambira pamenepa. Mtanda wogona pa zochirikiza ziwiri zokha umawerengeka ndi malamulo awiri: mphamvu zoloza kumwamba zilingane ndi zoloza pansi, ndipo zozungulitsira mbali ina zilingane ndi zozungulitsira mbali inayo. Zosadziwika ndi ziwiri, malamulo ndi awiri, yankho limatuluka. Chochirikiza chachitatu chikangowonjezeka, zosadziwika zimakhala zitatu pamene malamulo akadali awiri, ndipo nsonga imodzi ikamangika zolimba mu khoma zimafika zinayi. Zotsalazo sizingapezeke popanda kuganizira mmene mtandawo ukupindikira.

Mayankho a vutoli analipo kale. Clapeyron wa ku France anafalitsa lamulo la momenti zitatu mu 1857, ndipo George Maney wa ku America anakonza mu 1915 njira yowerengera kupendekeka ndi kutsika kwa nsonga za mtanda. Njira zonse ziwiri zimatulutsa masamu angapo olumikizana oyenera kuthetsedwa pamodzi, ndipo pa nyumba ya mitanda ndi zipilala zambiri ntchitoyo inali yolemetsa kwa munthu wa pensulo ndi pepala. Mu 1930 Hardy Cross, mphunzitsi wa zomangamanga pa yunivesite ya Illinois, anafalitsa njira ina kudzera m'bungwe la mainjiniya a zomangamanga la ku America. Njira yake imangofuna kuwonkhetsa, kuchulukitsa ndi kugawa pakati, mobwerezabwereza, kufikira zotsala zitachepa kwambiri. Kwa zaka pafupifupi 30, makompyuta asanafale, inali njira yodalirika kwambiri m'maofesi ojambula nyumba za konkire.

Ganizo lake ndi ili. Poyamba munthu amayerekeza kuti mfundo zonse za mtanda, ndiko kuti malo onse amene wagona pa chochirikiza, zagwidwa ndi chopanira chosaoneka kotero kuti sizingazungulire ngakhale pang'ono. Chigawo chilichonse chimasanduka mtanda pachokha womangika nsonga zonse ziwiri, ndipo momenti za mtanda wotere n'zodziwika kale. Koma chopaniracho kulibe. Pa mfundo yapakati momenti ya kumanzere ndi ya kumanja sizilingana, ndipo kusiyanako n'kumene chopanira chongoyerekeza chikunyamula. Ndiye chopanira chimamasulidwa, mfundo imazungulira pang'ono kufikira mbali ziwiri zitalingana, kenako imapanidwanso. Kuzungulira kumeneko kumasokoneza nsonga zakutali, nazonso zimamasulidwa pa nthawi yake. Ulendo uliwonse zosokonezazo zimachepa, ndipo mtanda wa papepala umayandikira mtanda weniweni.

Zinthu zitatu zofunika kudziwa

Choyamba ndi momenti zoyambira, zomwe ndi momenti za chigawo chomangika nsonga zonse. Ngati katundu wafalikira mofanana pa utali wonse, w pa mita iliyonse, momenti pa nsonga iliyonse ndi wL²/12, pamene L ndi utali wa chigawo. Ngati katundu P wakhala pamalo amodzi pakatikati, momenti ndi PL/8. Katundu akakhala chakumbali, mtunda a kuchokera kumanzere ndi b kuchokera kumanja, nsonga ya kumanzere imalandira Pab²/L² ndipo ya kumanja Pa²b/L², kutanthauza kuti nsonga imene katundu wayandikira ndiyo imalandira zambiri.

Chachiwiri ndi kuuma kwa chigawo, ndiko kuti kukula kwa momenti yofunika kuti nsonga yake izungulire ndi muyeso umodzi. Nsonga yakutali ikakhala yomangika, kuuma ndi 4EI/L. Chilembo E chikuimira kuuma kwa chinthu chimene mtanda wapangidwira, chitsulo kapena konkire kapena thabwa. Chilembo I chikuimira maonekedwe a mtandawo ukadulidwa mopingasa: kwa mtanda wa ngodya zinayi ndi bd³/12, pamene b ndi mulifupi ndipo d ndi msinkhu, motero kuwirikiza msinkhu kawiri kumawirikiza kuuma kasanu ndi katatu. Popeza L ali pansi, chigawo chachifupi ndicho chouma kwambiri. Pa mfundo imodzi zigawo zonse zimazungulira mofanana chifukwa ndi thupi limodzi, ndiye chigawo chouma chimatenga gawo lalikulu la momenti yotsala. Gawo la chigawo chilichonse ndi kuuma kwake kugawidwa ndi kuuma kwa zigawo zonse zokumana pa mfundoyo, ndipo magawo a pa mfundo imodzi akawonkhetsedwa ayenera kukwana 1.

Chachitatu ndi kuolotsa. Nsonga imodzi ya chigawo ikazungulitsidwa pamene yakutali yagwidwa, momenti pa nsonga yozungulitsidwayo ndi 4EI/L pa muyeso uliwonse wa kuzungulira, ndipo pa nsonga yakutali ndi 2EI/L. Choncho theka la momenti iliyonse yogawidwa limaolokera ku nsonga inayo, ndipo limaoloka ndi chizindikiro chomwecho. Theka limeneli ndi loona pokhapokha mtanda uli wofanana kukula m'chigawo chonse. Mitanda ya milatho imene imanenepa poyandikira chipilala ili ndi kuuma kwina ndi kaolotsedwe kena, zimene zimatengedwa m'matebulo ake.

Patsala nkhani ya zizindikiro, imene imagwetsa ophunzira ambiri kuposa china chilichonse. Pano momenti yozungulitsa nsonga ya chigawo monga mmene dzanja la wotchi limayendera ilembedwa ndi +, yozungulitsira kwinako ilembedwa ndi −. Pa katundu wokankhira pansi, nsonga ya kumanzere ya chigawo imayamba ndi − ndipo ya kumanja ndi +. Mabuku ena amatembenuza lamuloli, ndipo palibe cholakwika bola munthu asasinthe ali pakati pa ntchito.

Mtanda wa mamita 6 ndi mamita 4

Mtanda wa chitsanzo uli ndi zochirikiza zitatu, A, B ndi C. Ku A waloweramo mu khoma lochindikala la konkire ndipo zitsulo zake zamangidwa m'khomamo, ndiye sungazungulire. Ku B wagona pa chipilala, ndipo ku C wangogona pa chochirikiza chimene chimaulola kupendekeka. Chigawo AB ndi mamita 6 ndipo chanyamula katundu wofalikira wa 20 kN pa mita iliyonse, 120 kN onse pamodzi. Chigawo BC ndi mamita 4 ndipo chanyamula 40 kN pakatikati, monga zimakhalira pamene mtanda wina wamng'ono wagonapo. Kukula kwa mtanda n'kumodzi ponseponse, ndiye EI ndi imodzi. Kulemera kwa mtanda wokha m'chigawo BC kwasiyidwa dala kuti katundu wa mitundu iwiri aoneke bwino, koma pa ntchito yeniyeni kumawerengedwa.

Momenti zoyambira za AB ndi 20 × 6²/12, zomwe ndi 60 kNm: −60 ku A ndi +60 ku B. Za BC ndi 40 × 4/8, zomwe ndi 20 kNm: −20 ku B ndi +20 ku C. Pa B pali +60 kumanzere ndi −20 kumanja, kutsala +40. Chigawo chachitali cholemedwa chikukokera mfundoyo kumbali yake, ndipo chachifupi sichikukwanitsa kubweza.

Kuuma kwa AB ndi 4EI/6, ndiko 0.667EI, ndipo kwa BC ndi 4EI/4, ndiko 1.0EI. Zonse pamodzi ndi 1.667EI. Gawo la AB ndi 0.667/1.667, lomwe ndi 0.4, ndipo la BC ndi 0.6. Apa EI yafafanizika yokha, ndipo ichi n'chinthu chokoma pa njira imeneyi: momenti zochokera ku katundu zimapezeka kukula kwenikweni kwa mtanda kusanasankhidwe, malinga kukhale kumodzi m'zigawo zonse. Ku A gawo ndi 0, chifukwa khoma limalandira chilichonse chofikako osabweza. Ku C gawo ndi 1, chifukwa kuli chigawo chimodzi chokha ndipo chochirikizacho sichingagwire momenti.

Kumasula koyamba kumayenda motere. Pa B patsala +40, ndiye pafunika −40 kuti mfundo ilingane. Nsonga BA itenga 0.4 ya −40, yomwe ndi −16, ndipo nsonga BC itenga −24. Pa C pali +20 pamene payenera kukhala 0, ndiye paikidwa −20. Tsopano theka la chilichonse lioloka: −16 atumiza −8 ku A, −24 atumiza −12 ku C, ndipo −20 wa ku C atumiza −10 ku B. Zoolokazi zasokonezanso B ndi C, koma mochepa kusiyana ndi poyamba. Pa B patsala −10, ndiye kugawa kwachiwiri kupereka +4 ndi +6, ndipo pa C paikidwa +12. Ntchito imapitirira choncho, ndipo imalembedwa m'tebulo la mizati inayi, mzati umodzi wa nsonga iliyonse:

```
              AB       BA       BC       CB
gawo          0        0.4      0.6      1.0
poyambira  -60.00   +60.00   -20.00   +20.00
kugawa 1            -16.00   -24.00   -20.00
kuolotsa    -8.00            -10.00   -12.00
kugawa 2             +4.00    +6.00   +12.00
kuolotsa    +2.00             +6.00    +3.00
kugawa 3             -2.40    -3.60    -3.00
kuolotsa    -1.20             -1.50    -1.80
kugawa 4             +0.60    +0.90    +1.80
kuolotsa    +0.30             +0.90    +0.45
kugawa 5             -0.36    -0.54    -0.45
kuolotsa    -0.18
zonse      -67.08   +45.84   -45.84     0.00
```

Zotsala pa B zinayenda motere: 40, kenako 10, 6, 1.5 ndi 0.9. Kuchepa kwake kuli ndi chifukwa. Momenti yochoka pa B imachulukitsidwa ndi 0.6 pogawidwa, imadulidwa pakati popita ku C, imadulidwanso pakati pobwerera, ndiye yobwererayo ndi 0.15 chabe ya imene inapita. N'chifukwa chake 10 anasanduka 1.5 ndipo 6 anasanduka 0.9. Kuwerengaku kumaimitsidwa chotsala chikatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la momenti zoyambira, popeza katundu weniweni wa nyumba sadziwika molondola kuposa pamenepo. Mzere womaliza pa B ndi pa C uyenera kukhala wogawa osati woolotsa, kuti mfundozo zitsale zolingana. Ku A kokha n'kumene kuolotsa komaliza kumaloledwa, pakuti kumeneko sikumasulidwa.

Mu tebulo mulibe chilichonse choolokera ku nsonga BA. Chifukwa chake n'chakuti A samasulidwa, ndiye alibe chimene angatumize.

Njira yachidule ya nsonga yomasuka

Mizere yambiri ya tebuloli yatha pa kubwezerana pakati pa B ndi C, pamene n'zodziwika kale kuti momenti pa C idzakhala 0. Kubwezeranako kumapeweka. Chigawo chimene nsonga yake yakutali ndi yomasuka n'chofewerapo, kuuma kwake ndi 3EI/L m'malo mwa 4EI/L, ndipo palibe choolokera ku nsonga yomasukayo. Ndiye C amamasulidwa kamodzi kokha poyamba: −20 aikidwa pa C, −10 aoloka, ndipo nsonga BC ikhala −30, yomwe ndi 3PL/16. Kuuma kwa BC tsopano ndi 3EI/4, ndiko 0.75EI, ndipo magawo pa B asintha kukhala 8/17 ndi 9/17, pafupifupi 0.471 ndi 0.529.

Pa B patsala +60 − 30, zomwe ndi +30. Nsonga BA itenga −14.12, nsonga BC itenga −15.88, ndipo −7.06 aoloka kupita ku A. Ntchito yathera pomwepo, chifukwa kulibe mfundo ina yobweza kanthu. Momenti pa A ndi 67.06 kNm, pa B ndi 45.88 kNm, pa C ndi 0. Limeneli ndi yankho lenileni, ndipo tebulo lalitali linaliphonya ndi 0.04 yokha. Pa mtanda wa zigawo ziwiri njira yachiduleyi ndiyo yoyenera kugwiritsa ntchito. Tebulo lalitali phindu lake ndi kuonetsa mmene mfundo zimabwezerana, zimene sizipeweka zigawo zikachuluka.

Manambalawa ali ndi tanthauzo looneka ndi maso. Momenti ya pa B inayamba 60 mbali ina ndi 20 mbali ina, n'kukhazikika pa 45.88, pakati pa ziwirizo. Mfundo B itazungulira kulowera ku chigawo chachitali, AB anataya chithandizo china kumeneko, ndipo khoma la ku A linanyamula zowonjezera, kuchoka pa 60 kufika pa 67.06. Chigawo chachifupi, chimene katundu wake yekha akanachipatsa 30, chikunyamula 45.88 chifukwa cha katundu wa chigawo choyandikana nacho.

Kuchokera pa momenti kufika pa zitsulo

Momenti za pa nsonga zikadziwika, chigawo chilichonse chimawerengedwa pachokha ndi malamulo awiri aja. AB akanakhala wongogona, A ndi B akanagawana 120 kN pakati, 60 aliyense. Koma momenti ya ku A ikuposa ya ku B ndi 21.18 kNm, ndipo 21.18 kugawa ndi mamita 6 ndi 3.53 kN, imene imawonjezeka ku A n'kuchotsedwa ku B. A anyamula 63.53 kN ndipo B alandira 56.47 kN kuchokera kumanzere. Pa BC, 20 ndi 20 zimasinthidwa ndi 45.88 kugawa ndi 4, zomwe ndi 11.47: B alandira 31.47 kN ndipo C atsala ndi 8.53 kN basi. Chipilala cha pa B chanyamula 87.94 kN, kuposa theka la katundu yense. Zitatuzo zikawonkhetsedwa zikwana 160 kN, zomwe ndi 120 kuphatikiza 40.

Momenti yaikulu yolendewera m'chigawo AB imakhala pamene katundu wofalikira wamaliza kudya mphamvu yochokera ku A, ndiko kuti pa mtunda wa 63.53 kugawa ndi 20, mamita 3.18 kuchokera ku A. Pamenepo ndi 33.84 kNm. M'chigawo BC, pansi pa katundu, ndi 8.53 × 2, zomwe ndi 17.06 kNm. Mitanda iwiri yoduka pa B ndi yongogona ikanakhala ndi 90 kNm ndi 40 kNm pakati pake. Kupitirira kwa mtanda kwachepetsa kwambiri momenti za pakati, koma kwazisamutsira pamwamba pa zochirikiza, ndipo m'chitsanzo ichi momenti ziwiri zazikulu zili pa A ndi pa B, pamene mbali yokokeka ndi ya pamwamba.

Malo amene momenti imadutsa pa 0 ndiwo amanena kutalika kwa zitsulo za pamwamba. M'chigawo AB ali pa mamita 1.34 kuchokera ku A ndi pafupifupi mita imodzi B asanafike. M'chigawo BC ali pa mamita 1.46 kuchokera ku B, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawo chonsecho. Zitsulo za pamwamba pa B ziyenera kulowa patali kumbali ya chigawo chachifupi kusiyana ndi kumbali ya chachitali, ndi kupitirirabe malowo kuti zigwire bwino konkire. Mmisiri wodula zitsulo mofanana mbali zonse, kapena wofupikitsa za chigawo chachifupi poganiza kuti n'chopepuka, amalakwitsa. Zimachitikanso pothira konkire kuti zitsulo za pamwamba zimapondedwa ndi anthu kapena wilibala n'kutsikira pakati pa mtanda, pamene sizithandiza kwenikweni. Zotsatira zake ndi ming'alu yopingasa pamwamba pa mtanda kapena pa silabu, pafupi ndi chipilala, yotseguka kumwamba n'kumachepa potsika.

Pamene yankho limasokonekera

Zolakwa za masamu zimagwidwa ndi mayeso ochepa. Magawo a pa mfundo akwane 1. Momenti ziwiri za pa B zikhale zofanana kukula ndi zosiyana zizindikiro. Pa C pakhale 0. Koma mayeso amenewa sagwira zonse, chifukwa munthu woolotsa molakwika amathabe kulinganiza B bwinobwino pa nambala yabodza. Yeso lamphamvu ndi la kusintha: pa chigawo chomangika ku nsonga yakutali, kusintha kwa momenti kumeneko kuyenera kukhala theka la kusintha kwa pa mfundo yomasulidwa. Nsonga BA inasintha ndi −14.12 ndipo AB ndi −7.06, ndiye zili bwino. Zolakwa zofala ndi kugawa chotsala popanda kutembenuza chizindikiro, kutembenuza chizindikiro poolotsa pamene sichiyenera kutembenuzidwa, ndi kugwiritsa ntchito 3EI/L kwinaku n'kumaolotserabe ku nsonga yomasuka. Woiwala kutembenuza chizindikiro amaona mbali ziwiri za B zikutalikirana m'malo moyandikirana.

Zolakwa zoopsa kwenikweni zili m'zimene munthu wayerekeza asanayambe kuwerenga. Chachikulu ndi kunena kuti nsonga ndi yomangika pamene siili. Mtanda wogona pa khoma la njerwa, monga zimakhalira pa nyumba zambiri za kuno, sunamangike, ngakhale njerwa zina zitayalidwa pamwamba pake. A akatengedwa kukhala womasuka, kuuma kwa AB ndi 3EI/6, momenti yoyambira pa BA ndi wL²/8, yomwe ndi 90, ndipo magawo ndi 0.4 ndi 0.6. Chotsala ndi 90 − 30, zomwe ndi 60, ndiye BA atsika ndi 24 kufika pa 66 kNm. Lamulo la Clapeyron limaperekanso 66 yemweyo. A anyamula 49 kN, ndipo momenti yolendewera ya AB ikwera kufika pa 60 kNm. Injiniya amene anaika zitsulo za m'munsi zokwanira 33.84 ali ndi mtanda wofuna pafupifupi kawiri kake. Pamene pali chikaiko pa kamangidwe ka nsonga, nzeru ndi kuwerenga njira zonse ziwiri ndi kutenga momenti yaikulu pamalo alionse.

Chachiwiri ndi katundu wosakhalitsa. Anthu, matumba a m'nkhokwe ndi magalimoto zimabwera n'kuchoka, ndipo mtanda wodzaza ponseponse si umene umapereka momenti yaikulu pamalo onse. M'chitsanzo choyamba chija, 40 kN akachotsedwa pa BC, chotsala pa B ndi 60 yense. Momenti ya pa B itsika kufika pa 31.76, koma ya pa A ikwera kufika pa 74.12 ndipo ya pakati pa AB ifika pa 38.3 kNm. Katundu wachepa, koma AB wapindika kwambiri. Ku C mphamvu imatuluka −7.94 kN, kutanthauza kuti nsongayo ikufuna kunyamuka, ndipo chigawo BC chonse chikukokeka pamwamba. Kulemera kwa mtanda wokha kumachepetsako zimenezi, komabe chigawo chachifupi choyandikana ndi chachitali cholemedwa chimafuna zitsulo za pamwamba zopitirira utali wake wonse, ndipo nthawi zina nsonga yake imayenera kumangiriridwa pansi. Malamulo a zomangamanga amalamula kuyesa katundu m'makonzedwe angapo pa chifukwa chomwechi.

Chachitatu ndi kutitimira kwa chochirikiza. Kuwerenga konseku kwayerekeza kuti A, B ndi C akhalabe pa mzere umodzi. Nsonga imodzi ikatsika ndi Δ poyerekeza ndi inzake, pamabadwa momenti yoyambira ya 6EIΔ/L² pa chigawo chomangika nsonga zonse, kapena 3EIΔ/L² ngati nsonga yakutali ndi yomasuka, ndipo imagawidwa monga zinazo. Apa EI sifafanizika. Mtanda wa konkire wa mamilimita 230 mulifupi ndi 450 msinkhu, wosang'aluka, uli ndi EI ya pafupifupi 44,000 kNm². Chipilala cha pa B chikatitimira mamilimita 5 okha, momenti zoyambira ndi pafupifupi 36 kNm pa AB ndi 41 kNm pa BC, zoyandikira zija za katundu. Kung'aluka pang'ono ndi kufewa kwa konkire pakapita zaka zimatsitsa manambalawa, koma chipilala chapakati ndicho chanyamula katundu wambiri, ndipo maziko ake akakhala pa dothi lofewa la m'dambo ndicho chimayamba kutsika. Chikatsika, momenti ya pamwamba pa B imachepa pamene za pakati pa zigawo ndi ya ku A zimakwera.

Njirayi imayerekezanso kuti mtanda umapindika molingana ndi katundu ndipo umabwerera ukapeputsidwa, ndiponso kuti chipilala cha pa B chimangochirikiza osagwira momenti. Ngati mtanda ndi chipilala zathiridwa pamodzi ndipo zitsulo zake zalumikizana, chipilalacho chimalowa m'tebulo ngati chigawo chachitatu cha pa mfundoyo, ndi kuuma kwake ndi gawo lake, ndipo momenti za mtanda kumanzere ndi kumanja kwa B sizifanananso: kusiyana kwake kumatsikira m'chipilala. Nyumba imene ingasunthire cham'mbali chifukwa cha mphepo kapena chivomezi imafuna kugawa kwachiwiri kowerengera kusunthako.

Masiku ano mitanda yambiri imawerengedwa pa kompyuta, ndi njira yothetsa masamu onse olumikizana nthawi imodzi. Kompyuta imayankha molondola pa zimene yapatsidwa, ngakhale itapatsidwa nsonga yomangika imene pamalo omangapo ndi yomasuka, kapena utali wolembedwa m'mamilimita pamene pamafunika mamita. Mtanda wa zigawo ziwiri umatha pa theka la pepala ndi njira ya Cross, ndipo injiniya amene wapeza 45.88 ndi dzanja lake amazindikira msanga kompyuta ikamupatsa 66 kuti nsonga A yalowetsedwa ngati yomasuka.